Mawaya a mkati mwa kompyuta: kuwamanga mtolo, kuwabisa kuseri, kapena kungowachepetsa?

Msuweni wanga ali ndi kashopu pa Kasungu boma, amapulinta makhadi a ukwati komanso kukonza mavidiyo a zinkhoswe, ndiye mwezi wa Okutobala chaka chatha anandiimbira kuti kompyuta yake ikulira ngati chigayo komanso akamatulutsa vidiyo yaitali ikumachita ulesi. Anali atagulanso khadi la zithunzi latsopano, galafiki khadi ija, koma anakanika kuliika. Nditatsegula chitseko cha mbali ndinangoti ayi ndithu, mkatimo mawaya onse anali atamangidwa mtolo umodzi waukulu ndi makebo tayi okwana ngati 15, othina ngati akumanga belo ya fodya yopita ku Chinkhoma, ndipo mtolowo unali utakhala kutsogolo kwenikweni kwa fani yolowetsa mphepo. Amene anamulumikizira kompyutayo anachita zimenezi poganiza kuti ndi ukhondo. Ndipo kungoyang'ana zimaonekadi zaudongo, vuto linali loti waya umene timafuna wa khadi latsopanolo unali pakati penipeni pa mtolowo.

Tsiku limenelo ndi limene ndinatsimikiza maganizo anga pa nkhani ya mawaya, oti ukamamanga uziganiza za tsiku limene udzatsegulenso, osati chithunzi choika pa sitetasi. Njira zilipo zingapo ndipo zonse ndinaziyesapo pa makompyuta osiyanasiyana, ndiye ndizifotokoza mmene ndimazionera ine, ndikugwiritsa ntchito kompyuta ya msuweniyu ngati chitsanzo.

Kaye nkhani ya mphepo, chifukwa anthu amaikokomeza

Mukesi yabwinobwino mphepo imalowa kutsogolo, kudutsa pa khadi la zithunzi ndi pa chozizitsira purosesa, nkutuluka kumbuyo kapena pamwamba. Waya umodzi woonda ukadutsa panjira imeneyi palibe chimene chimasintha, mphepo imangoulambalala. Ngati wina akukuuzani kuti kungokonza mawaya kuchotsa madigiri 15 pa kompyuta imene inali kale bwino, akukunamizani. Chimene chimavuta ndi zinthu zitatu: mtolo waukulu ukatseka pakamwa pa fani, waya ukamakhudza mapiko a fani mpaka kuiimitsa, komanso fumbi. La fumbili kuno kwathu ndiye lalikulu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, shopu ili m'mbali mwa msewu imamwa fumbi tsiku lonse, ndipo mawaya osokonekera amakhala ngati ukonde, amakola fumbi, tsitsi, ulusi, akangaude nkumangaponso nyumba zawo. Ukafuna kupemerera ndi bulowa fumbilo silichoka bwino chifukwa labisala m'mawaya.

Pali kuyesa kosavuta kumene ndimachita ndisanagwire chilichonse. Ndimaika pulogalamu yoonetsa kutentha yotchedwa HWMonitor, ndimapatsa kompyuta ntchito yolemera yomwe imagwira masiku onse kwa mphindi 15 chitseko chili chotseka, nkulemba nambala ya kutentha kwa purosesa. Kenako ndimachotsa chitseko cha mbali nkubwerezanso ntchito yomweyo. Ngati kutentha kwatsika kwambiri chitseko chitachoka, ndiye kuti mphepo siikuyenda bwino mkesimo, kaya ndi mawaya, kaya fumbi, kaya mafani ndi ochepa. Ngati sikunasinthe kwenikweni, musavutike ndi mawaya poganiza kuti muzizitsa kompyuta, vuto lili pa chozizitsira purosesa kapena phala lija timapaka pakati pa purosesa ndi chozizitsira lauma. Ndipo muyese nthawi yofanana ya tsiku, chifukwa mu shopu ya malata kutentha kwa 8 koloko mmawa ndi kwa 2 koloko masana ndi maiko awiri osiyana.

Ya msuweni ili ndi purosesa ya Ryzen 5 3600, imene malire ake ndi madigiri 95. Chitseko chili chotseka imafika 88, titatsegula inatsikira cha m'ma 79. Apo zinaonekeratu kuti mkatimo mukubanika.

Njira yoyamba: kungozisiya, kapena kuzikankhira pakona

Musaseke, iyi ndi njira ndithu ndipo pa makompyuta ena ndi yokwanira. Makompyuta ambiri amene timagula kuno ndi a kaunjika ochokera m'maofesi akunja, ma Dell OptiPlex ndi ma HP ang'onoang'ono aja. Amenewa mawaya ake anadulidwa kale pa muyezo ku fakitale, ali ndi timabowo ndi timbedza take todutsamo, ndipo pawa sapulayi yake, kabokosi kopereka magetsi mkati mwa kompyuta, nthawi zambiri siikhala ndi waya wa mapini 24 umene uli pa makompyuta omanga wekha, imakhala ndi pulagi yakeyake ya mapini 6 kapena 8. Mwa amenewa musasinthe njira ya mawaya. Jambulani chithunzi musanachotse kanthu, mukamaliza bwezerani mmene zinalili basi.

Pa kesi yakale ija imene pawa sapulayi imakhala pamwamba ndipo kuseri kwa mathabodi, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, kulibe mpata, kukankhira pakona ndi kumene kumagwira ntchito. Mawaya osagwiritsa ntchito mumawapinda bwinobwino nkuwalowetsa m'malo opanda kanthu a DVD aja, kutsogolo pamwamba. Kumeneko mphepo siidutsako kwenikweni, ndipo mukadzawafuna mungowasolola. Kuipa kwake nkoti ngati simunawagwirize ndi kanthu amatuluka okha. Kompyuta za kuno zimayenda, lero ili ku shopu mawa yakwera kabaza kupita ku ukwati kukaimba nyimbo, mkuja ili mu minibasi ya ku Lilongwe kukakonzedwa, ndiye pa mabampu waya umasololoka nkukagwera pa fani. Mukamva kaphokoso ka tetetete mukangoyatsa, kawirikawiri ndi zimenezo. Ndiye ngakhale mwasankha njira yaulesiyi, chomangira chimodzi chokha chogwirizira mtolowo ku chitsulo cha kesi chisasowe.

Njira yachiwiri: makebo tayi paliponse

Iyi ndi imene anachita pa kompyuta ya msuweni, ndipo ndi imene amakonda anyamata ambiri okonza makompyuta chifukwa makebo tayi ndi otchipa, amapezeka mu hadiweya iliyonse, ndipo ntchito imaoneka yomaliza. Ine sindidana nawo makebo tayi. Ang'onoang'ono aja a mamilimita 100 m'litali ndimayenda nawo m'chikwama. Chimene ndimadana nacho ndi kumanga mawaya osayenderana mu mtolo umodzi komanso kuthinitsa mopyola.

Taganizani, waya wa mapini 24 wopita ku mathabodi mwina mudzauchotsa kamodzi pa zaka zisanu. Waya wa SATA wa disiki mutha kuusuntha chaka chino chomwe. Mukazimanga pamodzi ndiye kuti tsiku lowonjezera disiki mudula zomangira zonse, ndipo podula ndi pamene ngozi imachitika, munthu watenga lezala kapena sizasi yaikulu, dzanja laterereka, wacheka kawaya ka batani loyatsira. Timawaya ta kutsogolo kwa kesi tija ndi toonda kwambiri, sitichedwa kuduka. Ine ndimadula ndi chowengera zikhadabo, ndimaluma pa mutu penipeni pa kebo tayi osati pamene yagwira waya. Ndipo mukamanga yatsopano, mchira wake dulani mofanana ndi mutu, mukasiya kansonga kadzakuchekani dzanja tsiku lina, ineyo zipsera ndili nazo.

Kuthinitsa nako kuli ndi zake. Kebo tayi ikalowa mu pulasitiki wa waya mpaka kusiya chizindikiro, yapyola. Muyezo wanga ndi woti mtolo uzitha kusuntha pang'ono mkati mwa chomangira ukaukoka ndi zala. Choopsa kwambiri ndi kumanga pafupi ndi pulagi moti waya ukukoka soketi cham'mbali. Pulagi ya SATA pa disiki ili ndi kalilime ka pulasitiki kooneka ngati L, kakathyoka disikiyo imavuta kulumikizanso ngakhale mkati muli bwinobwino. Nayo pulagi ya USB 3.0 ya kutsogolo ija, ya waya wonenepa wouma, mapini ake pa mathabodi ndi oonda ndipo amapindika msanga. Pa kompyuta ya msuweni hadi disiki ya mavidiyo imati nthawi zina ikuoneka nthawi zina yasowa, iye nkumati ili ndi vairasi. Sinali vairasi, waya wake unali wokokedwa ndi mtolo uja moti pulagi inali italowa theka.

Ndiye makebo tayi ndimawasungira zinthu zosasuntha, monga waya wa purosesa, timawaya ta mabatani ndi ta malaiti a kutsogolo, ndi mawaya a mafani a kesi.

Njira yachitatu: kudutsa kuseri nkumanga ndi zomasuka

Ngati kesi yanu ili ndi pawa sapulayi pansi ndiponso mabowo m'mbali mwa mathabodi, iyi ndiye njira imene ndingakuuzeni kuti tsatirani, ndipo nditayapo nthawi chifukwa apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Maganizo ake ndi oti waya uliwonse ukangochoka mu pawa sapulayi upite kuseri kwa chitsulo chimene mathabodi yamangidwapo, uyende kumeneko, nkutulukira pa bowo lapafupi kwambiri ndi pomwe ukulumikizidwa. Kutsogolo kumangooneka kachidutswa kakafupi.

Musanayambe zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kangapo kuti magetsi otsalira athe, ndipo muzigwira chitsulo cha kesi pafupipafupi makamaka nyengo youma. Pawa sapulayi yokhayo musaitsegule, mkati mwake mumatsala magetsi otha kukuvulazani ngakhale yazulidwa.

Kwa msuweni tinayamba ndi kudula makebo tayi onse nkuzula chilichonse, titajambula kaye zithunzi za pomwe timawaya ta kutsogolo tinalowa. Tinapemerera fumbi panja, titagwira mafani ndi chala kuti asazungulire mopenga. Kenako ndondomeko yake ndi yofunika. Woyamba ndi waya wa purosesa wa mapini 8, umene nthawi zambiri umagawika 4 ndi 4, ndipo soketi yake ili pakona ya pamwamba kumanzere kwa mathabodi. Umenewu umavuta kuposa onse chifukwa ulendo wake ndi wautali, kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo chozizitsira purosesa chikakhala chachikulu dzanja silikwanako. Mu makesi ena bowo lake ndi laling'ono moti umayenera kudutsitsa waya usanamange mathabodi. Ukakhala waufupi osafika podzera kuseri, musaukoke mokakamiza ndipo musaudutsitse pamwamba pa khadi la zithunzi, pali waya wowonjezera wa mapini 8 umene umagulitsidwa, ngakhale kuno kuupeza mpaka utumize ku Lilongwe. Wathu unafika, koma ndendende.

Samalani apa, waya wa purosesa ndi waya wa khadi la zithunzi onse ndi a mapini 8 ndipo amafanana ukamaona patali, koma mkati magetsi ake anasanjidwa mosiyana. Wa khadi umagawika 6 ndi 2, ndipo nthawi zambiri pamutu pake pamalembedwa PCI-E, pomwe winawo pamalembedwa CPU. Timabowo take tinapangidwa mosiyana kuti usalowe polakwika, ndiye ngati pulagi ikukana musalimbane nayo, yang'anani zolembazo.

Wachiwiri ndi wa mapini 24. Ndi wonenepa, ndiye umafuna njira yakeyake kuseri, ugone chafulati, wina asadutse pamwamba pake. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa nayo njirayi. Mpata wa kuseri m'makesi ambiri ndi wochepa, mwina masentimita awiri, ena osakwana nkomwe. Mukapingasa mawaya onenepa awiri malo amodzi chitseko cha kuseri sichitseka, mumayamba kuchikanikiza ndi bondo, chimatupa ngati mimba, ndipo m'mphepete mwa chitsulo mutha kutsina waya. Mawaya aziyenda moyandikana ngati mizere ya m'munda, osati mosanjikizana. Ngati kupingasa sikungapeweke, pingasani woonda ndi wonenepa, ndipo chitani zimenezo pansi pafupi ndi pawa sapulayi pomwe mpata umakhala waukulu.

Kenako timawaya ta kutsogolo, tolembedwa POWER SW, RESET SW, HDD LED ndi tinzake, pamodzi ndi HD AUDIO ndi USB. Timeneti timatulukira m'mabowo a pansi pa mathabodi. Ta malaiti tili ndi mbali ya + ndi -, mukatembenuza laiti siiyaka koma palibe chopsa, ta mabatani mbali iliyonse timagwira. Timeneti ndinatimanga ndi makebo tayi ang'onoang'ono chifukwa sitidzasunthanso mpaka kesi idzasinthidwe.

Madisiki ndiye pomaliza, ndipo apa ndi pamene ndimagwiritsa ntchito velikoro, kansalu komata kaja kokhala ngati ka pa nsapato za ana. Waya wa deta ndi waya wa magetsi wa disiki iliyonse ndimasiyira mpata woti nditha kusolola disikiyo pang'ono osazula kanthu. Waya wa magetsi a SATA umakhala ndi mapulagi atatu kapena anayi pa chingwe chimodzi, ndiye otsalawo ndimawasiya pafupi ndi malo opanda kanthu a disiki, okonzeka kale. Msuweni mavidiyo amamudzadzira msanga, ndikudziwa kuti disiki ina ikubwera, bwanji ndibise pulagi yake kutali?

Chimodzimodzi waya wa khadi la zithunzi. Khadi lake lakale linali GTX 1650 imene imadya magetsi a pa mathabodi pokha, mawati osapyola 75, ndiye waya wa 6 ndi 2 uja sumagwira ntchito, nchifukwa chake anaukwirira pakati pa mtolo. Latsopano ndi GTX 1660 Super, la mawati 125, limafuna pulagi ya mapini 8. Tinaudutsitsa kuseri nkutulukira pa bowo la m'mbali molunjika ndi khadi, ndipo kamutu kachiwiri kolendewera pa waya womwewo tinakapindira kumbuyo nkukamanga kuti kasagwere mu fani ya khadi. Amene mukumanga kompyuta lero opanda khadi, waya umenewu uikeni pamwamba pa ena onse, pomasuka ndi velikoro imodzi, tsiku lake likadzafika mudzandithokoza.

Titatseka chitseko nkuyesanso ntchito yomwe ija, purosesa inafika 80. Koma ndinene zoona, zambiri mwa zimenezo zinachokera ku fumbi limene tinachotsa komanso kuchotsa mtolo pakamwa pa fani. Nditakhalanso ola lina ndikukongoletsa kuseri, kuwongola apa ndi apo, nambala siinasunthe.

Nanga zomangira, poti velikoro siipezeka paliponse?

Msuweni anandifunsa kuti "achimwene, bwanji tingomanga ndi tepi yakuda ija, ndili nayo yambiri?" Ndinamukaniza. Tepi ya magetsi ikatenthedwa miyezi ingapo guluu wake amasungunuka, tepi imamasuka yokha, mawaya amatsala onata ndipo fumbi limakakamira pamenepo moti kuchotsa kwake ndi ntchito. Solotepi ndiye osayerekeza. Timphira ta ndalama tija timauma nkuduka tokha, mudzangotipeza tili pansi pa kesi. Mphira wodula ku chubu cha njinga amalimba ndithu ndipo ndinaonapo ena akugwiritsa ntchito, koma amakoka nthawi zonse ndiye amafinya timawaya toonda, komanso mfundo yake ndi yaikulu, kuseri siikwana.

Chimene chimagwira bwino ngati velikoro palibe ndi timawaya tokutidwa pulasitiki timene timabwera titamanga chaja ya foni kapena waya watsopano mu katoni. Timamasuka, timamangikanso, ndi taulere. Kungoti mkati mwake muli chitsulo, ndiye nsonga zake zisayandikire mathabodi, tigwiritseni ntchito kuseri kokha ndipo mupinde nsongazo. Velikoro yeniyeni mukaipeza ya mpukutu gulani, mumadula nokha muyezo umene mukufuna, ndipo atelala ena amakhala nayo yosokera pa zovala, imeneyo imabwera mbali ziwiri zosiyana ndiye mumayenera kuzisoka kapena kuzimata msana ndi msana. Timbedza tomata tija ta guluu kumbuyo sindimatikhulupirira pa kutentha kwa kuno, timamatuka, bola kugwiritsa ntchito timabowo ta pa chitsulo cha kesi timene anapangira ntchito yomweyo.

Njira yachinayi: kuchepetsa mawaya enieniwo

Iyi ndi ya ndalama, koma pena ndalamayo mumakhala mukuitulutsa kale pa zifukwa zina, ndiye nkofunika kudziwa. Disiki ya M.2 imalowa pa mathabodi penipeni ngati kachingamu, ilibe waya ngakhale umodzi, ndiye poyerekeza ndi ya SATA mwachotsa mawaya awiri. Ngati mathabodi yanu ili ndi malo ake ndipo mukufuna kugula disiki yoikapo Windows, ganizirani imeneyi. Koma werengani kabuku ka mathabodi, chifukwa pa ena, kuphatikizapo ena a B450 ngati ya msuweniyi, ukaika M.2 masoketi ena a SATA amasiya kugwira ntchito. Munthu umadabwa disiki yasowa nkumaganiza kuti wawononga waya pomanga, chonsecho yangofunika kusamutsira pa soketi ina.

Mafani akachuluka, mawaya ake ndi amene amayala ukonde pamwamba pa mathabodi. Waya wogawa, umodzi kukhala iwiri kapena itatu, umathandiza kuti onse akumane kuseri nkutulukira malo amodzi. Malire ake ndi oti soketi imodzi ya fani pa mathabodi ambiri imapirira ampu imodzi. Pa fani iliyonse pali kapepala kolembedwa mphamvu imene imakoka, mwachitsanzo 0.20A, ndiye atatu otere ndi 0.60A, zili bwino, koma asanu mwafika pa malire, pamenepo pamafunika kabokosi kogawira mafani kotenga magetsi ku waya wa SATA. Fani ya purosesa yokha isiyeni pa soketi yolembedwa CPU_FAN payokha.

Tsopano pawa sapulayi ya mojula, imene mawaya ake amazulika ndipo umalumikiza okhawo ukufuna. Ilipo ya mojula yonse, ilipo ya theka imene wa mapini 24 ndi wa purosesa ndi okhazikika koma enawo amazulika. Kunena zoona ya theka ndi yokwanira, chifukwa awiri okhazikikawo muwagwiritsa ntchito basi. Kodi ndi yoyenera kugula chifukwa cha mawaya okha? Ine ndimati ayi. Ngati pawa sapulayi yanu ndi yabwino ndipo kesi ili ndi chophimba pansi, mawaya otsala amabisala mmenemo popanda vuto, bola asatseke fani ya pawa sapulayiyo. Ndalama imeneyo bola mugule fani yachiwiri ya kutsogolo ya mamilimita 120, kapena chotetezera magetsi poti mmene amazimira nkubwera mwamphamvu kuno mukudziwa nokha. Koma ngati yakale yafa ndipo mukugula ina, kapena kesi yanu ndi yaing'ono yopanda pobisa, apo mojula ili ndi phindu.

Ndipo ili ndi msampha wake umene wawotcha madisiki a anthu ambiri. Mawaya a pawa sapulayi ya mojula sasinthana. Mbali yopita ku disiki kapena ku mathabodi ndi yofanana konsekonse, koma mbali yolowa mu pawa sapulayi kampani iliyonse imasanja mwakemwake, pena ngakhale mitundu iwiri ya kampani imodzi imasiyana. Pulagi itha kulowa bwinobwino koma nkutumiza mavoti 12 pomwe pamafunika 5, disiki nkupsa nthawi yomweyo. Vutoli limakula kwambiri kwa ife ogula za kaunjika, pawa sapulayi yabwera yopanda mawaya ena, wogulitsa nkungotola ena mu katoni nkukupatsa kuti "awa amalowa". Kulowa si nkhani. Ndipo posintha pawa sapulayi musachite ulesi wosiya mawaya akale poti munawamanga kale bwino, achotseni onse. Otsala a yatsopanoyo asungeni mu jumbo, lembanipo dzina la pawa sapulayi yake, chifukwa tsiku lowonjezera khadi mudzawafuna ndipo ena olowa m'malo mwake kuno simuwapeza.

Pomwepo ndinenenso za timaadaputa tosintha pulagi yakale ya mapini 4 akuluakulu kukhala ya SATA. Totchipa tija tokhala ndi mutu woumbidwa ndi pulasitiki timadziwika ndi kupsa, ndipo tikakwiriridwa pakati pa mtolo kuseri simuona kuti tayamba kuda. Ngati mulibe kuchitira mwina tisiyeni poonekera.

Nanga kugula kesi ina?

Pena ndi yankho, makamaka ngati muli ndi kesi yakale yotseka kutsogolo konse, yopanda malo a fani yolowetsa mphepo, ndipo mwaikamo khadi lotentha. Mmenemo ngakhale mumange mawaya mwaluso bwanji mphepo ilibe polowera. Posankha musatengeke ndi galasi ndi malaiti, malaitiwo amabweranso ndi mawaya awoawo. Tsegulani chitseko cha kuseri muone ngati chala chikukwana pakati pa chitsulo ndi chitseko, muone ngati pali bowo pakona ya pamwamba la waya wa purosesa, ngati kutsogolo kuli timabowo tolowa mphepo, ndiponso ngati sefa ya fumbi imachoka mosavuta kuti muziitsuka. Yezaninso kutalika kwa khadi lanu, makesi ena bokosi la madisiki limatsekereza khadi lalitali.

Msuweni sitinamugulire kesi, yake inali nazo kale zonsezi kungoti sizimagwiritsidwa ntchito. Zonse zimene tinaononga ndi makebo tayi asanu ndi limodzi, zidutswa zinayi za velikoro ndi masana amodzi. Mu Febuluwale anagula hadi disiki ina ya 2TB, anandiimbira kuti ndipite, ine ndinali ku Santhe, ndiye ndinangomuuza pa foni kuti atsegule kuseri, amasule velikoro ya pansi, pulagi ya magetsi aipeza ikulendewera pafupi ndi malo a disiki, waya wa deta alowetse pa soketi yolembedwa SATA3 chifukwa ndi imene ili yopanda kanthu. Anandiimbiranso patapita mphindi ngati 20 kuti disiki siikuoneka mu This PC, mtima unagunda pang'ono, koma inali nkhani yongolowa mu Disk Management nkuipanga fomati.